Mngoni wosalankhula Chingoni: kodi ndi Mngonibe?

"Bambo anga ndi a ku Ntcheu, mfunda wawo ndi a Moyo, ndipo amati ndife Angoni. Mayi ndi Achewa a ku Kasungu. Kwathu palibe amene amalankhula Chingoni. Mnzanga wina ku Joni wandiuza kuti Mngoni wosamva Chizulu ndi Mchewa chabe. Nanga ine ndine yani?"

Zikomo achimwene chifukwa cha kalata yanu. Mnzanuyo akuganiza kuti chilankhulo, magazi ndi mtundu zimayendera limodzi, koma chilichonse mwa zitatuzi chimafika kwa mwana podzera njira yakeyake. Chilankhulo mwana amachitenga kwa amene akumulera ndi anzake osewera nawo. Mfunda amautenga motsata lamulo la ukwati wa makolo ake. Mtundu umatsata mfumu imene makolowo anaigonjera ndi miyambo imene ankasunga. Mbiri ya Angoni imaonetsa bwino mmene njira zitatuzi zimasiyanirana.

Zwangendaba Jere anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Anthu amene anawoloka nayewo sanali a magazi amodzi ngakhale pa tsikulo. Amene ananyamuka naye kumwera, pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka, anali gulu lochepa. Panjira anatenga Atsonga kumwera kwa Mozambiki ndi Akaranga ku Zimbabwe, ndipo atawoloka anatenganso Ansenga, Achewa ndi Atumbuka. Gulu la a Maseko, lomwe ndi la kwanu, linayenda palokha. Linafika mpaka ku Songea ku Tanzania, kenaka n'kubwerera kudzakhazikika cha ku phiri la Domwe, ndipo nalonso linkakula ndi anthu ogwidwa ndi ena odzipereka okha.

Wogwidwayo sankakhala mlendo mpaka kalekale. Mnyamata ankaikidwa m'nyumba ya mkulu wina, n'kulowa m'gulu la ankhondo la msinkhu wake, ndipo akaonetsa chamuna ankatha kukwezedwa kukhala nduna. Ana ake ankabadwa ali Angoni, koma mfunda wa makolo ake sankautaya. N'chifukwa chake lero pali Angoni a Jere, a Maseko ndi a Gama, omwe mifunda yawo ndi ya kumwera, komanso a Tembo ndi a Lungu, omwe ndi ya Chinsenga, ndiponso a Phiri ndi a Banda ambirimbiri. Wanu wa Moyo, pamodzi ndi Soko ndi Shawa, umaloza ku Zimbabwe. Moyo unali mfunda wa mafumu a Arozvi, omwe ufumu wawo unaphwasulidwa ndi nkhondo zomwezi. Choncho n'kutheka kwambiri kuti kholo lanu la kuchimuna linalowa Ungoni lili kale ndi chilankhulo china, cha mtundu wa Chishona, ndipo Chingoni linachita kuphunzira. Koma samalani: mfunda umakuuzani za mzera umodzi wokha. Muli ndi agogo a makolo anu asanu ndi atatu, ndipo dzina la Moyo lachokera kwa mmodzi. Ena ankatenganso mfunda wa mbuye wawo, ndiye si umboni wosatsutsika.

Nanga Chingonicho chinatha bwanji? Chinathera kumsana kwa amayi. Ankhondo aja anakwatira akazi a m'madera amene anafikamo, ndipo akaziwo ndiwo ankalera ana. Mwana ankamva Chingoni pabwalo la milandu ndi m'nyimbo za ngoma, koma m'nyumba, kudambo ndi kudimba ankamva chilankhulo cha amake. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, cha amake chija chinapambana. Umboni wake ndi wakuti ana a Zwangendaba mmodzi yemweyo anasiyana malilime: anthu a M'mbelwa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, pomwe a Mpezeni ku Chipata amalankhula Chinsenga. A Gomani ku Ntcheu amalankhula Chichewa. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu otamanda mafumu, m'mayina a malo monga Ekwendeni ndi Embangweni, ndi pakamwa pa anthu ochepa a madera monga Mpherembe. Pa kalembera wa 2018, anthu oposa pang'ono 10 pa 100 aliwonse m'Malawi muno anati ndi Angoni, koma pa kalembera wa 1998, olankhula Chingoni pakhomo sanafike ngakhale mmodzi pa 100. Tikatsata lamulo la mnzanuyo, ndiye kuti pafupifupi onse amene amasonkhana ku Hora pa Umthetho kapena ku Mtenguleni pa Ncwala tiwabweze kwawo.

Musaganize kuti nthawi zonse wogonjetsa ndiye amataya chilankhulo. Andebele a Mzilikazi anatenga Akalanga ndi Ashona ochuluka, koma anasunga chilankhulo chawo, ndipo lero kuli a Moyo ankhaninkhani ku Bulawayo olankhula Chindebele. Amenewo ndi inu mwina kholo lanu ndi limodzi, koma mitundu ndi iwiri, zilankhulonso ziwiri. Kumadzulo kwa Zambia zinatembenuka mwina: Alozi anagwetsa ulamuliro wa Akololo mu 1864, koma anapitiriza kulankhula chilankhulo cha adani awowo, n'chifukwa chake Chilozi chimamvana ndi Chisotho. Ndipo ku Rwanda, Ahutu ndi Atutsi amalankhula Chinyarwanda chimodzi, mifunda yambiri ndi yofanana, koma zimenezo sizinaletse zoopsa za mu 1994.

Tsopano tibwere pa inuyo. Funso loyamba limene akuluakulu angafunse si lakuti mumalankhula chiyani, koma lakuti ukwati wa makolo anu unayenda bwanji. Pa mwambo wa Chingoni wa lobola, ng'ombe zikaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Pa mwambo wa Chichewa, ana ndi mbumba ya amalume, ndipo kwanu ndi kumene kunabadwira mayi anu. Ndiye mwana wa bambo Mngoni ndi mayi Mchewa mbali zonse ziwiri zingathe kumuitana kuti ndi wawo. Zikanakhala kuti bambo ndi Mchewa ndipo mayi ndi Mngoni wa ku Mzimba, malamulo omwewo akanakukankhirani uku ndi uku, mbali iliyonse n'kumati kwanu n'kwinako. Milandu yambiri ya minda ndi maliro imayambira pamenepa.

Koma Ntcheu ali ndi zakezake. Angoni ambiri a kumeneko anatengera chikamwini ndi chitengwa kwa anthu amene anawapeza, ndipo m'midzi yambiri munda umatsata kuchikazi, ngakhale ufumu wa a Gomani umatsata kuchimuna. Choncho bambo anu angathe kukhala Mngoni weniweni wovina ngoma ndi chishango m'manja, koma mudzi umene amautcha kwawo n'kukhala wa amayi awo. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anthu a m'tauni timasokonezeka, chifukwa fomu ya boma imafuna mudzi umodzi ndi mfumu imodzi, pamene banja lili ndi mayankho awiri kapena atatu.

Mukapita kumudzi, funsani azakhali anu ndi amalume anu zinthu izi, aliyense payekha. Kodi panaperekedwa ng'ombe kapena chiwongo, kapena bambo anakalowa chikamwini ku Kasungu? Agogo a kuchimuna anaikidwa manda ati, ndipo ankagonjera mfumu iti? Mutafuna munda lero, ndani angakulozereni malire? Ngati mayankho akuloza ku Ntcheu, ndinu Mngoni pa mwambo, ndipo Chichewa chanu sichikuchotsani, pakuti Inkosi Gomani nawonso amalankhula chomwecho kwa anthu awo. Ngati munda ndi manda zili ku Kasungu, amalume anu sakulakwa kukutchani Mchewa, ndipo mudzapitirizabe kuyankha akakuitanani kuti a Moyo.