Musathamangire kutseka bowo lililonse, yambani mwaona chomwe chavuta

"Ndapanga choikapo foni mu Blender, chili ndi bowo lodutsira chingwe cha chaja. PrusaSlicer ikuti meshi ili ndi zolakwika, ndipo nditadina Make Manifold bowo lija latsekeka. Nditani abale?"

Achimwene, musayatse kaye pulinta, filamenti ingathere pachabe. Silaisa, pulogalamu ngati PrusaSlicer yodula chinthu m'maleya kuti pulinta ya 3D ichisindikize, imafuna kudziwa chinthu chimodzi: mkati mwa chinthucho ndi muti, kunja ndi kuti. Kuti idziwe, mzere uliwonse wa meshi uyenera kugwira mafesi awiri ndendende, thupi lonse litsekeke ngati chigubu chosadontha. Mzere ukagwira fesi imodzi, pamenepo pali bowo. Ukagwira atatu kapena kuposa, ndiye kuti mkati mwatsalira khoma losafunika. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, pomwe batani lija la Make Manifold, la mu 3D Print Toolbox ya Blender, limangotseka paliponse pomwe lapeza pang'ambika, silidziwa kuti bowo la chingwe munalifuna.

Bwererani ku fayilo ya poyamba, musanadine batani lija. Lowani mu Edit Mode ndi Tab, dinani 2 kuti muzisankha mizere, kenako Select > Select All by Trait > Non Manifold. Kabokosi kotuluka pansi kumanzere kali ndi Boundaries ndi Multiple Faces. Chotsani chizindikiro pa Extend ndi pa zina zonse, muziyatsa ziwirizi chimodzichimodzi. Boundaries ikuonetsani mabowo, Multiple Faces ikuonetsani makoma amkati.

Koma musatseke chilichonse kaye. Mabowo ambiri omwe aoneke si mabowo enieni, ndi timadontho tiwiri togona pamalo amodzi koma tosalumikizana. Zimachitika mukadina Shift+D n'kuletsa ndi batani lakumanja la mausi: timadontho tatsopano timatsalira pamwamba pa takale. Sankhani zonse ndi A, dinani M, musankhe By Distance. Mtunda umayambira pa 0.0001, ndipo Blender imalemba pansi kuchuluka kwa timadontho tomwe yachotsa. Kwezani pang'onopang'ono. Mukaona m'makona mwayamba kuphwanyika, mwapitirira, bwererani.

Kenako makoma amkati. Ngati munagwiritsa ntchito Mirror, yang'anani pakati penipeni pomwe mbali ziwirizo zimakumana, chifukwa nthawi zambiri fesi imatsalira pamenepo. Yatsani Alt+Z kuti muone mkati, isankheni, dinani X, musankhe Faces. Select All by Trait > Interior Faces imathandiza kuwapeza, koma onani ndi maso musanafufute.

Tsopano bowo lanu. Ndikuganiza kuti munafufuta mafesi kutsogolo ndi kumbuyo kuti chingwe chidutse. Zikatero pamatsala mikombero iwiri yotseguka, ndipo pakati pake palibe khoma. Kwa inu ndi njira ya chingwe, kwa silaisa ndi malo awiri ong'ambika. Mankhwala ake si kutseka ndi F. Sankhani mkombero wakutsogolo ndi Alt ndi kudina, onjezani wakumbuyo ndi Shift+Alt ndi kudina, kenako Edge > Bridge Edge Loops. Blender imanga khoma lozungulira kulumikiza mikombero iwiriyo, bowo likhala lodutsa, mzere uliwonse upeza mafesi ake awiri. Zimatuluka bwino mikomberoyo ikakhala ndi timadontho tochuluka mofanana, monga 16 uku, 16 uko. Khomalo likapotoka, sinthani Twist m'kabokosi komweko.

Mabowo otsala, omwe simunawafune, ndi omwe mutseke ndi F, limodzilimodzi. Pamalo osalala F ikwanira. Pamalo okhota fesi imodzi yaikulu imasiya chigamba chophwatalala, choncho gwiritsani ntchito Face > Grid Fill, yomwe imafuna kuti mizere ya mkomberowo igawike pawiri popanda wotsala. Ine Mesh > Clean Up > Fill Holes ndimaisiyira meshi yochokera pa sikana, yokhala ndi timabowo tambirimbiri. Kumbukirani kuti Sides imayambira pa 4, ndiye mabowo a mbali zambiri imawadumpha mpaka mutaika 0.

Mafesi atsopano nthawi zina amayang'ana mkati, n'chifukwa chake kuwatembenuza kumabwera pomaliza. Sankhani zonse, dinani Shift+N, muyatse Face Orientation mu Overlays. Kunja kusaoneke chofiira. Chikakanirira, kawirikawiri khoma lina likadali mkati.

Bwerezani Non Manifold mpaka isasankhe kanthu, mutumize STL yatsopano, muidule mu PrusaSlicer. Musakhutire poti chenjezo lachoka. Kokani kamzere ka maleya kuchokera pansi, muime pomwe pali bowo la chingwe. Mizere ya khoma iyenera kulizungulira bwinobwino. Mukaona leya yosoweka, kapena mizere yodzaza mkati ikudutsa pabowo, jambulani leyayo muiike pano pamodzi ndi manambala omwe Check All ya mu 3D Print Toolbox ikupatsani, tiionere limodzi.