Adiresi ya imelo yofunsira ntchito: yoti munthu aimve kamodzi n'kuilemba molondola

"Zikomo akuluakulu. Ndamaliza maphunziro a unamwino ndipo ndayamba kufunsira ntchito. Imelo imene ndili nayo ndinatsegula ndili ku sekondale, ndipo ili ndi dzina la masewera limene ndimachita nalo manyazi kulitchula. Ndayesa kutsegula ina ndi dzina langa lenileni, koma Gmail ikuti ena anatenga kale, ndipo ikundipatsa dzina lokhala ndi manambala ambirimbiri kumapeto. Ndisankhe bwanji adiresi yaulemu, yosonyezabe kuti ndine, komanso yosavuta kuuza munthu pafoni?"

Zikomo kwambiri chemwali chifukwa cha kalata yanu. Dzina lanu lenileni sindilitchula pano, choncho ndigwiritsa ntchito dzina longoyerekeza lopangidwa mofanana ndi lanu, lakuti Thokozani Ruth Ng'oma, ndipo pa zitsanzo zonse ndizilemba mbali yokhayo imene imabwera chizindikiro cha `@` chisanafike.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wa khutu. Adiresi yabwino ndi imene munthu amene sanakuonenipo, akaimva kamodzi pafoni, amailemba molondola popanda inu kuwonjezera mawu ofotokozera. Nthawi iliyonse imene mwakakamizika kunena kuti "ayi, pamenepo pali kamzere," kapena kuti "ndi ziro, osati chilembo cha o," mwatsegula mpata woti alakwitse. Kuwawa kwake n'kwakuti kulakwitsako simudzakudziwa. Kalata yokuitanani ku mafunso ikapita ku adiresi imene kulibe, uthenga wonena kuti yalephera kufika umabwerera kwa wotumizayo, osati kwa inu. Ikapita ku adiresi ya munthu wina wa dzina ngati lanu, palibe uthenga uliwonse umene umabwerera. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina kumene tinkakopera maadiresi kuchokera pa mafomu olembedwa pamanja, ndipo ndikukumbukira mmene zinkandipwetekera kuona makalata akubwerera, pamene nthawi yoimbira foni aliyense panalibe ndipo ena ankangodumphidwa.

Tiyambe ndi malamulo a Gmail, popeza ndi imene mwasankha. Dzina la adiresi liyenera kukhala ndi zilembo zosachepera 6 komanso zosapitirira 30, ndipo zololedwa ndi zilembo wamba, manambala ndi kadontho basi. Kamzere kapakati, kamzere kapansi ndi kachizindikiro kapamwamba kamene kali mu Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bwana sizilandiridwa, ndiye kuti Ng'oma asanduka `ngoma` mufune musafune. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisiyanitsidwa. Chofunika kuposa zonsezi ndi chakuti Gmail siwerengera madontho: `thokozani.ngoma` ndi `thokozaningoma` ndi adiresi imodzimodzi. Ichi ndi chifukwa chake kuika kapena kuchotsa kadontho sikunakuthandizeni pamene munauzidwa kuti dzina latengedwa. Koma lamulo lomweli ndi bwenzi lanu pafoni, pakuti mungathe kulemba madontho pa CV kuti maso awerenge mosavuta, kenako n'kusawatchula n'komwe polankhula, kalata n'kufikabe. Ku Outlook sizili choncho: kumeneko kadontho kamawerengeredwa, ndipo timizere tiwiri tija timaloledwa. Ngakhale mutatsegula kumeneko, kamzere kapansi mukapewe, chifukwa adiresi ikalembedwa mu Word imadulidwa mzere kunsi ndipo kamzereko kamabisika, komanso anthu ambiri sasiyanitsa dzina lake ndi la kamzere kapakati.

Tsopano tione zimene Thokozani angachite atapeza kuti `thokozani.ngoma` inatengedwa kale. Choyamba kuyesa ndi kutembenuza maina, `ngoma.thokozani`, ndipo ichi si chachilendo kwa ife popeza m'kaundula wa kusukulu dzina la bambo ndi limene limayamba. Vuto lake ndi limodzi lokha, koma ndi lenileni: wina anatenga kale adiresi yosatembenuzayo, choncho womvera akaiwala n'kulemba mwachizolowezi, kalata yanu ipita kwa munthu ameneyo. Ngati mwasankha njira iyi, muzinena poyamba kuti "dzina la bambo likuyamba."

Njira imene ine ndimaikonda, ndipo ndi imene ikuyankha nkhawa yanu yakuti adiresi isonyezebe kuti ndinu, ndi kugwiritsa ntchito chidule cha dzina chimene anthu amakuitanirani nacho kale. Thokozani amakhala Thoko, Chikondi amakhala Chiko, Limbikani amakhala Limbi, ndipo zidule zotere si maina a masewera. Ndi maina amene abwana angathe kukuitanirani mu wodi popanda wina kudabwa. `thoko.ngoma` ndi yaifupi, imatchulika ndi mpweya umodzi, ndipo aliyense woona CV ya Thokozani Ng'oma aigwirizanitsa nayo nthawi yomweyo. Malire ake ndi amenewa: chidule chikhale chochokera m'dzina limene lili pa satifiketi zanu. Dzina la mfunda, monga Nabanda kapena Nangozo, ndi laulemu kwambiri pakhomo, koma kalaliki amene akufufuza kalata yanu pakati pa makalata mazana adzalemba dzina la pa satifiketi, ndipo adiresi yosafanana nalo imamuchedwetsa. Chimodzimodzi dzina la mwana, lija timaitanira kuti mayi a uje.

Ambiri amalangiza kuika chilembo cha dzina lapakati, ngati `thokozani.r.ngoma`. Papepala zimaoneka bwino, koma kwa ife pali msampha. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake dzina limodzi mumalipeza lolembedwa Chirwa kwina Chilwa, ndipo chilembo chimodzi choima pachokha, chopanda mawu ochichirikiza, chimasokonekera mosavuta pa foni yodukaduka. Zilembo za m ndi n, b ndi d, komanso f ndi s zili ndi vuto lomweli. Kwa Thokozani ndi bwino kulemba dzina lapakatilo lonse, `thoko.ruth.ngoma`, chifukwa munthu akamva Ruth amadziwa kale kalembedwe kake. Pa dzina lapakatilo zilembo zawonjezekera zitatu, koma mafunso achepa.

Zonsezi zikakanika, onjezani mawu amodzi osonyeza ntchito yanu musanaganize za manambala. Kwa inu `thoko.ngoma.nurse` ndi yomveka ndiponso yoyenera. Sankhani mawu a ntchito imene mudzakhala nayo zaka zambiri, osati a udindo wa lero kapena a sukulu, pakuti mawu osonyeza kuti ndinu wophunzira amakalamba chaka chimodzi chisanathe. Mawu okhala ndi zilembo zobwereza, monga `accounts`, amafuna kufotokozera, choncho ayeseni kaye pakamwa. Dzina la boma la kwanu sindilimbikitsa kuliika. Ndikudziwa kuti timanyadira kumene tinachokera, koma sindikuona phindu louza olemba ntchito kumudzi kwanu asanaone n'komwe maphunziro anu.

Manambala akhale omalizira, ndipo amene Gmail ikukupatsani okha musawalandire, chifukwa alibe tanthauzo kwa inu ndipo womvera sangawagwire. Ngati simungachitire mwina, tengani awiri kapena atatu, ndipo mupewe 0 ndi 1 popeza zikalembedwa pamanja zimafanana ndi zilembo za o ndi l. Pewaninso manambala ngati 15 ndi 50, pakuti timawerenga m'Chingerezi ndipo fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi pafoni. Tchulani nambala iliyonse payokha. Chaka chobadwa chimaulula msinkhu wanu pamene simunafunsidwe, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene mabanki amafunsa potsimikiza kuti ndinu mwiniwake wa akaunti. Nambala ya 265 ili ndi ubwino wakuti Mmalawi aliyense amaidziwa kuti ndi ya foni ya dziko lathu, ndiye mukanena kuti "265 ya Malawi" mwamaliza.

Musanavomereze dzina lililonse, lilembeni lonse popanda madontho ndipo muliwerenge ngati mlendo. Maina awiri abwino akalumikizana nthawi zina amabala mawu achitatu amene simunawaganizire, m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Yang'ananinso polumikizirapo: ngati dzina loyamba likutha ndi chilembo chimene lachiwiri likuyambira, monga `agnes` ndi `soko`, womvera amalemba s mmodzi m'malo mwa awiri. Ndiponso r ndi n zikatsatana zimaoneka ngati m pa foni yaing'ono. Ngati mukufunsira ntchito kunja kwa dziko, dziwani kuti mlendo akamva Thoko kapena Phiri salemba h, popeza kwa iye th ndi ph zimatchulidwa mwina. Konzekerani kutchula chilembo chimodzichimodzi pa dzina limenelo lokha.

Kenako yesani zenizeni. Sankhani maina atatu amene Gmail yanena kuti sanatengedwe, imbirani anthu awiri amene sadziwa kalembedwe ka dzina lanu, tchulani adiresi iliyonse kamodzi kokha, ndipo muwapemphe akutumizireni pa uthenga wa pafoni zimene amva. Musawakonze pamene akulemba. Dzina limene onse awiri alilemba molondola ndilo mutsegule, ndipo akalakwitsa pamalo amodzi onse awiri, pamenepo ndi pamene olemba ntchito adzalakwitsenso. Kwa Thokozani wathu, polankhula zingamveke motere: "Thoko Ruth Ngoma, zonse pamodzi, popanda kachizindikiro ka pa Ng'oma, ati jimelo dothi komu."

Kachizindikiro kamene kanatayika kaja mukhoza kukabwezeretsa pa dzina loonekera, lomwe wolandira amaliona koyamba kalata ikafika, adiresi asanaione. Pa kompyuta, tsegulani Gmail, pitani pa `Settings`, dinani `See all settings`, kenako `Accounts and Import`, ndipo pa `Send mail as` dinani `edit info` n'kulemba dzina lanu lonse monga lilili pa satifiketi: Thokozani Ng'oma. Ambiri amatsegula adiresi yaulemu koma n'kusiya dzina loonekera lolembedwa mothamanga, zilembo zonse zazing'ono kapena dzina limodzi lokha. Dzitumizireni kalata ku adiresi yakale ija kuti muone mmene ikuonekera kwa wolandira.

Adiresi yakaleyo musaitseke, popeza anzanu ndi maakaunti ena akuidziwa. Koma pafoni imene ili ndi maakaunti awiri, yang'anani mzere wa `From` musanatumize kalata iliyonse yofunsira ntchito, chifukwa n'zosavuta kutumiza CV yolembedwa adiresi yatsopano kuchokera ku dzina la masewera lija. Ikaninso nambala ya foni yobwezeretsera akaunti imene mukuigwiritsadi ntchito, ndipo mukadzasintha simu mudzaisinthe pomwepo. Mukadzapeza ntchito, muzilowabe mu akauntiyo nthawi ndi nthawi, pakuti Google imanena kuti ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, ndipo adiresi ya Gmail ikafufutika simungathe kuitsegulanso ndi dzina lomwelo.