Eyakoni ikayamba kudontha m'chipinda, yambirani kupaipi

Abale amene mwangofika kuno ku Dubai ndi ku Sharjah, Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya chinyezi chadzaoneni, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene eyakoni ya pakhoma imakonda kuyamba kudontha. Ambiri aife kumudzi sitinakhalepo ndi makina amenewa, ndiye tikaona madzi akutsika pakhoma timaganiza kuti taononga chinthu cha eni ake, n'kungotchera ndowa osauza munthu. Chonde musatero. Khoma likachita chuku ndipo penti ikafundukuka, dipoziti yanu ndi imene imalipira.

Madziwo si achilendo. Botolo la chakumwa chozizira mukaliika patebulo limachita thukuta, ndipo m'kati mwa eyakoni mumachitika zomwezo. Mpweya wa m'chipinda ukadutsa pa tizitsulo tozizira, chinyezi chake chimasanduka madzi, malita angapo pa tsiku. Madziwo amagwera m'kathireyi kamene kali pansi pa tizitsuloto, n'kutsetserekera panja kudzera m'kapaipi kakang'ono ngati chala. M'makina ambiri a pakhoma mulibe pampu, madzi amangotsata kutsetsereka. Fumbi la kuno likasakanikirana ndi ndere m'kapaipimo chimapangika chinthu chonanda ngati phala, njira n'kutsekeka, kathireyi n'kusefukira.

Yanga inayamba usiku, madontho akugwera pamutu pa bedi. Ndinazimitsa ndi rimoti, kenako ndinazimitsanso swichi ya pakhoma, chifukwa rimoti yokha sidula magetsi. M'mawa ndinatukula chivundikiro chakutsogolo, ndinasolola masefa awiri otchinga fumbi amene amakhala m'menemo, ndipo anali atavala fumbi ngati bulangete. Ndinawatsuka ndi madzi, n'kuwaumika pamthunzi. Kenako ndinatenga botolo la theka la lita n'kumathira madzi pang'onopang'ono pa tizitsulo tija, kutali ndi mbali ya kumanja kumene kuli mawaya, mnzanga ataima pakhonde kuyang'ana kumapeto kwa paipi. Sikunatuluke ngakhale dontho, madzi onse anabwerera m'chipinda. Apo ndinadziwa kuti vuto ndi paipi.

Musanachite china chilichonse, pitani mukaone kumapeto kwakeko. Nthawi zina paipi imangokhala yapindika, kapena wina anaikweza n'kuikoleka pamsomali, kapena yamira m'ndowa yodzaza moti madzi akulephera kutuluka. Zimenezi mumakonza ndi manja basi. Yanga inali yowongoka, choncho tinabwereka kwa woyang'anira nyumba makina opopa aja amene amayamwa fumbi ndi madzi omwe. Huva wamba wa pakapeti musamuyese, madzi akalowa amapsa ndipo angakugwiritseni shoko. Tinalumikiza kukamwa kwa makinawo ndi paipi, tinakulunga chiguduli chonyowa polumikizirapo kuti mpweya usathawe, n'kuyatsa kwa mphindi ziwiri. Kunamveka kuti fwoo, kunatuluka chindere chakuda chotalika ngati nyongolotsi. Titathiranso madzi m'kati, anatuluka panja ali mbee.

Pomaliza ndinathira theka la kapu ya viniga woyera m'kathireyi, ndinadikira mphindi 30, n'kutsukuluza ndi madzi. Viniga amachedwetsa ndere kumeranso. Koma ngati wina anathiramo kale jiki, musaonjezere viniga, pakuti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni wowotcha m'chifuwa. Kuyamwa paipi ndi pakamwa, monga timachitira popopa petulo, musayerekeze, madzi amenewo ndi odzaza tizilombo. Kutokosamo ndi waya nakonso kumaboola kapaipi kofewako, ndiye madzi amayamba kudonthera m'kati mwa khoma momwe simungaone.

Bwanji ngati madzi oyesera aja atuluka bwinobwino panja koma kudontha sikukutha? Tsegulaninso chivundikiro makina atagwira ntchito kwa kanthawi. Mukaona madzi oundana pa tizitsulo, ndiye kuti mpweya sukuyenda bwino chifukwa cha masefa akuda, kapena gasi woziziritsa wa m'makinamo wachepa. Ikani rimoti pa FAN, pamene makina amangouzira mpweya osaziziritsa, kuti madzi oundanawo asungunuke, thaulo lili pansi, ndipo musawakokote ndi mpeni. Akaundananso masefa ali oyera, imeneyo ndi ntchito ya amisiri. N'chimodzimodzi makina akapendekeka pakhoma n'kumataya madzi mbali imodzi.

M'nyumba zambiri zosanja paipi imalowa m'khoma n'kukathera m'ngalande ya kubafa, kapena ili kunja kwa windo pansanjika yachisanu. Musasuzumire kumeneko kuti muifikire, moyo wanu ukudikiridwa kumudzi. Jambulani pamene pakudonthapo, tumizani chithunzicho kwa landilodi kapena abwana tsiku lomwelo kuti pakhale umboni woti munanena msanga, ndipo makinawo akhale ozimitsa mpaka amisiri abwere. Masefa okha ndiwo ali m'manja mwanu. Ine ndimatsuka anga pakatha milungu iwiri iliyonse nyengo yotentha, Lamlungu ndikamachapa zovala.