Batire ya rauta ndi chotetezera magetsi akabwera ndi ukali

"Abale ndithandizeni. Ndimakhala ku Chilenje ndipo ndimagwira ntchito ndili kunyumba. Sabata yatha malaiti atabwera usiku adaputa ya kabokosi ka faiba inapsa. Wa pa shopu wandiuza kuti ndigule ekisitenshoni yoteteza ndi kabatire ka 10400mAh, akuti kazisunga rauta ndi kabokosiko maola 8. Ndigule?"

Amayi, pepani ndi adaputayo, koma ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Kabatire kameneko sikangafike maola 8 ndi zipangizo ziwiri, ndipo ekisitenshoni yokha siletsa zonse zimene zimawotcha maadaputa muno mu Lusaka. Ndiyambe ndi batire chifukwa ndi pamene anthu akutayira ndalama kwambiri.

Tembenuzani maadaputa anu awiri muwerenge tizilembo tating'ono pamzere wa `Output`. Nthawi zambiri wa rauta amalemba `12V 1.5A` kapena `12V 1A`, wa kabokosi ka faiba `12V 1A` kapena kuchepera. Manambala amenewo ndi malire a zimene adaputa ingapereke, si zimene chipangizocho chimadya tsiku ndi tsiku. Rauta ya panyumba imadya mawati pafupifupi 7, kabokosi ka faiba pafupifupi 5, ndiye tiwerengere mawati 12 zonse pamodzi. Zanu zikhoza kusiyanako pang'ono, koma sizipita kutali.

Tsopano 10400mAh ija. Nambala imeneyi imaoneka yaikulu chifukwa amawerengera pa mavoti 3.7 a timabatire ta lifiyamu tili m'katimo, nthawi zambiri tinayi ta 2600mAh kamodzi, pomwe rauta yanu imafuna mavoti 12. Nambala yoti mudalire ndi imene amalemba `Wh`, ndiye kuti mawati angati kwa ola limodzi. Ngati sanalembe, gawani 10400 ija ndi 1000 kuti mupeze 10.4, kenako werengani nokha pa foni:

```
10.4 x 3.7 = 38 Wh
38 x 0.85 = 32 Wh
32 / 12 = 2.7
```

Mzere wachiwiriwo ukuchotsa mphamvu imene imatayika ngati kutentha posintha mavoti a timabatire kuti afanane ndi a rauta. Yankho ndi maola awiri ndi mphindi 40, kabatire kali katsopano, komanso ngati nambala ya pa katoni ndi yoona. Maola 8 a wogulitsawo mwina angayandikire mutalumikiza karauta kamodzi kakang'ono kwambiri, koma kabokosi ka faiba kakazima, wayifayi imaoneka pa foni bwinobwino koma intaneti palibe. Zonse ziwiri ziyenera kukhala pa batire.

Kuti mupeze maola 8 enieni, sinthani masamuwo. Mawati 12 kuchulukitsa ndi 8 ndi 96, ndipo tikawonjezera zotayika zija tikufika pa 113Wh. Pa mawerengedwe a ogulitsa, imeneyo ndi batire ya pafupifupi 30000mAh, kuchulukitsa katatu imene akukuonetsaniyo. Mukapita ku Kamwala kapena m'tauni, funsani chimene pa katoni chalembedwa `Mini DC UPS`, yupiesi yaing'ono imene imapitiriza kupereka mphamvu ku rauta malaiti akapita, ndipo muchinyamule m'manja. Lifiyamu wokwana 113Wh amalemera kupitirira theka la kilogalamu, ndiye kabokosi kopepuka ngati foni kolembedwa 30000mAh musakakhulupirire.

Pali chinanso chimene ambiri tinachiphunzira mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti akumapita mpaka maola oposa 17 patsiku. Batire yaikulu imafunanso nthawi yaikulu yodzadza. Ngati adaputa ya yupiesi yanu ndi ya `12V 2A`, imapereka mawati 24. Theka likupita ku rauta ndi kabokosi, theka lotsalalo ndi limene likudzadza batire, ndiye 113Wh ifuna maola pafupifupi 10. Malaiti akabwera maola anayi okha, mawa mwake batire iyamba isanafike ndi theka lomwe, ndipo mudzaganiza kuti yafa pomwe yangokhala yosakhuta. Choncho funsani wogulitsa kuti imadzadza maola angati, ndipo usiku mukamagona malaiti kulibe muziizimitsa, isamadyetse rauta imene palibe akuigwiritsa ntchito. Ngati ndandanda ya kuzima kwa malaiti kwanu ikuposa maola 10, tiyupiesi tating'onoti tasiya kukhala yankho. Pamenepo mufunika batire ya mtundu wolembedwa `LiFePO4`, ya 12.8V 20Ah, imene ili ndi 256Wh, ndi chaja yakeyake yamphamvu. Imeneyo musailumikize mwachindunji ku rauta, chifukwa ikamadzadza imakwera kupitirira mavoti 14. Pakati pamafunika kachipangizo kosunga mavoti pa 12, ndipo ntchitoyo achite ndi munthu wodziwa.

Wina akuuzani kuti mungogula yupiesi ya kompyuta, ija imalira malaiti akapita. Ine sindingakulangizeni. M'kati mwake muli batire ya asidi ya 12V 7Ah, ndipo imasintha mphamvuyo kukhala mavoti 230 kuti adaputa yanu iibwezenso pa 12. Mphamvu yambiri imathera m'njiramo, komanso batire ya asidi imafa msanga ikamaphwa tsiku lililonse.

Musanalipire, onetsetsani zinthu zitatu, ndipo ndi bwino kunyamula maadaputa anu kupita nawo pa shopu. Choyamba mavoti. Marauta ena aang'ono ndi a `9V`, ndipo mukawapatsa 12 akhoza kupsa. Tiyupiesi tambiri tili ndi mabowo a 5, 9 ndi 12, kapena kaswichi kosankhira, ndiye kaswichiko mukaika pamalo pake mukamate ndi tepi kuti ana asakasunthe. Chachiwiri, bowo la 12 lizitha kupereka maampu osachepera 2, makamaka ngati zipangizo ziwirizo zidyera pa waya umodzi wa mphanda. Likaperewera, chizindikiro chake n'chakuti rauta imangozima n'kuyakanso yokha, makamaka nthawi imene malaiti angopita kumene. Chachitatu ndi kamutu kozungulira kolowa mu rauta. Pali ka 5.5 x 2.1 ndi ka 5.5 x 2.5, kunja n'tofanana koma bowo la m'kati n'losiyana, ndipo kolakwikako kamagwedera n'kumadula mphamvu. Onaninso kachithunzi ka + ndi – pa adaputa. Pa marauta ambiri + imakhala pakati.

Tibwere ku zimene zinawotcha adaputa yanu. Magetsi oipa ali mitundu iwiri, ndipo chilichonse chili ndi mlonda wake.

Mtundu woyamba ndi kukwera kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kumene kumabwera ndi mphenzi nyengo ya mvula, kapena nthawi imene malaiti akubwerera, mafiliji, magiza ndi mapampu a dera lonse n'kuyakira limodzi. Apa ndi pamene ekisitenshoni yoteteza imagwira ntchito. M'kati mwake muli kachipangizo kooneka ngati kandalama kachitsulo, kamene kamameza kukwerako. Kakameza kamatha pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina kamafa koma ekisitenshoni n'kumaperekabe magetsi ngati kale. N'chifukwa chake mugule yokhala ndi kanyali kolembedwa `Protected` kapena `Surge`, ndipo kanyaliko kakazima mugule ina. Ekisitenshoni yongokhala ndi swichi yofiira yowala si yoteteza. Imafunanso kuti soketi ya pakhoma ikhale ndi waya wachitatu uja wopita m'nthaka, ndipo m'nyumba zina za lendi wayayo sanalumikizidwe n'komwe, ndiye muitane wamagetsi ayeze.

Mtundu wachiwiri ndi woopsa kwambiri, mavoti kukwera n'kukhala pamwamba kwa mphindi kapena maola. Kunyumba timalandira mavoti 230, koma waya wa nyutiro ukaduka, ukamasuka pa polo, kapena akauba pa thiransifoma, nyumba zina zimalandira mavoti oyandikira 400 pomwe zina zikulandira ochepa. Mudzadziwa chifukwa mababu anu amawala modabwitsa pomwe a aneba akuwala mofooka, kapena mosinthana. Mukaona zimenezo zimitsani swichi yaikulu pa bokosi nthawi yomweyo n'kuimbira a ZESCO. Adaputa yanu inalembedwa `100-240V`, choncho magetsi ochepa saivutitsa kwenikweni, koma 300 kapena 400 siingapirire. Kandalama ka mu ekisitenshoni nakonso sikathandiza pamenepa, kamangotentha mpaka kupsa.

Mlonda wa mtundu umenewu ndi gadi, yomwe ija timaika pa filiji kapena pa wailesi ya kanema. Imayeza mavoti, ndipo akapitirira malire, nthawi zambiri cha m'ma 260, imadula. Malaiti akabwerera imadikira kaye isanalole magetsi kudutsa, ndiye chipwirikiti cha mphindi zoyambazo sichifika pa zipangizo zanu. Popeza adaputa yanu inapsa malaiti atangobwera, ine ndikanayamba ndi gadi ndisanagule ekisitenshoni. Kudikirako simudzakumva n'komwe chifukwa batire ikhala ikugwirabe.

Kalumikizidwe kake ndi aka: gadi pa soketi ya pakhoma, ekisitenshoni yoteteza mu gadi, adaputa ya yupiesi mu ekisitenshoni, kenako rauta ndi kabokosi ka faiba ku yupiesi. Mukatero gadi ikutetezanso ekisitenshoniyo. Maadaputa akale muwasunge m'kabati, adzakuthandizani yupiesi ikadzavuta. Filiji kapena ketulo zisadyere pa ekisitenshoni imeneyi.

Ulusi wa faiba ndi wa galasi, sunyamula magetsi, choncho mphenzi siingadutsire mmenemo ngati mmene zinkachitikira ndi mawaya a foni akale. Khomo limene anthu amaiwala ndi waya wa netiweki. Ngati wina ukuchoka pa rauta kupita ku nyumba ya kuseri, ku makamera a pageti, kapena ku wailesi ya kanema yolumikizidwa ndi dishi ya padenga, mphenzi ikagwa pafupi ikhoza kulowera pamenepo n'kulambalala gadi yanu. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mawaya amenewo, ndipo ikakula zulaninso pulagi ya pakhoma. Intaneti ipitirira pa batire. Yupiesiyo muiike pamthunzi podutsa mpweya, osati pawindo kapena m'kabati yotseka, makamaka kutentha kwa Okutobala, ndipo ikayamba kutupa kapena kununkha muichotse m'nyumba.

Mukabwera nazo kunyumba, dzadzani batire mpaka ikhute, kenako zimitsani soketi ya pakhoma malaiti alipo. Rauta isazime ngakhale pang'ono. Lembani nthawi n'kuona kuti itenga maola angati, risiti ili pafupi, kuti ngati 30000mAh yatha m'maola atatu mukabweze sabata yomweyo. Tsiku lina malaiti kulibe mukadzaona zonse zikuyaka koma intaneti palibe, yang'anani kabokosi ka faiba. Kanyali ka `PON` kakayaka mokhazikika, ulusi uli bwino. Ka `LOS` kakamaphethira mofiira, kuwala sikukufika kuchokera kwa kampani, mwina ulusi waduka kapena zipangizo zawo zazima, ndiye muwaimbire iwowo, batire yanu ilibe mlandu.