Mawu a pachikwangwani cha telala wa ku Chitakale

"Anzanga a m'gulu muno, ndili ndi kashopu ka utelala pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ndimasoka mayunifolomu a sukulu ndi zovala za ukwati. Ndikufuna mawu afupi olemba pansi pa dzina la shopu, oti munthu akangowerenga asaiwale. Ine ndinaganiza akuti 'Timasoka zovala zapamwamba zamitundumitundu pa mtengo wotsika, bwerani nonse mudzadzionere nokha.' Kodi ali bwino? Thandizeni."

Mayi, ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, ndimakhala ku Luchenza, ndipo utoto wandidetsa zala kwa zaka zambiri ndithu. Musandikwiyire, koma mawu anuwo mukanabwera nawo kwa ine ndikanakupatsani kaye mpando kuti tikambirane ndisanatsekule chitini cha penti.

Poyamba, chotsani dzina la shopu yanu pamwamba pa mawuwo n'kuikapo la telala wina aliyense wa ku Limbuli kapena ku Thyolo boma. Muona kuti akumukwana ngati chovala chake. Ngakhale wogulitsa kaunjika akhoza kuwabwereka, n'kungosintha liwu loyambalo. Ndiye kuti mawuwo si anu. Yunifolomu mulibe, ukwati mulibe, pamene zinthu ziwirizi ndizo zikukudyetsani.

Palinso mawu akuti "mtengo wotsika", amene ndingakonde muwataye kutali. Kholo lofuna kabudula wa mwana wa Sitandade 3 lingakondwere nawo, koma mkwatibwi ayi. Palibe mtsikana amene amafuna kuti pa perekaniperekani azakhali a mwamuna azinong'onezana kuti diresi lija anakasoketsa kotchipa kuja. Komanso pa mtengo simungapikisane ndi belo la kaunjika, ndipo nsalu mukakaipeza itakwera ku Limbe, chikwangwani chanu chomwe chidzakutsutsani pamaso pa kasitomala.

Nkhani yaikulu kwa inu ndi yakuti muli ndi makasitomala a mitundu iwiri osafanana n'komwe. Wina ndi mayi amene wangolandira kumene malipiro ku esiteti ya tiyi, akufuna malaya olimba, okhala ndi mpendero waukulu kuti mwana akatalika adzangomasula. Winayo akufuna chovala cha tsiku limodzi, koma tsiku lake lojambulidwa zithunzi zimene adzaonetse adzukulu. Ambiri akafika apa amangondandalika zonse ngati menyu ya mu lesitilanti. Zimenezo zilembeni pakhoma pambali pa chitseko, pamodzi ndi za kwaya ndi za amayi a Mvano ngati mumasokanso. Mawu a pansi pa dzina ntchito yake ndi ina. Ayenera kupeza ulusi umodzi wolumikiza sukulu ndi ukwati.

Ulusiwo ine ndauona pa liwu lakuti kuveka. Kusoka ndi zimene mumachita inu pa makina, munthu palibe. Kuveka ndi zimene zimachitikira munthuyo, ndipo liwuli lili ndi ulemu wake, poti amene amaveka mwana ndi kholo. Ndiye ndinayamba kuliseweretsa papepala. Koyamba ndinalemba kuti "Timakuvekani kuchokera kusukulu mpaka ku ukwati". Ganizo lake ndi labwino, la mwana yemweyo amene munamusokera diresi la Sitandade 1 kubweranso atakula kudzayesa velo. Koma likukoka mwendo, lilibe poimira. Ndinalidula pakati kuti likhale ndi mbali ziwiri zoyankhana, monga momwe miyambi yathu yambiri imakhalira, kapena nyimbo ya pamtondo, wina kutsogola wina kuvomera. Ndinatsala ndi izi:

Wasukulu timuveka,
mkwatibwi timuveka.

Tawerengani mokweza uku mukugogoda patebulo lanu lodulira nsalu. Wa-su-ku-lu-ti-mu-ve-ka, kugogoda ka 8. M-kwa-ti-bwi-ti-mu-ve-ka, ka 8 komweko, chifukwa "m" woyambayo amaima payekha monga mu liwu loti mtengo. Mbali ziwiri zikalingana chonchi pakamwa sipavutika, ndipo amene wagwira mzere woyamba wagwira kale theka la wachiwiri. Mawu anu aja ndawagogodanso, afika maphatikizo 38, mpweya kuthera panjira.

Wina afunsa kuti bwanji osati "timamuveka", poti ndi ntchito ya masiku onse. Ndinayesa. Akulinganabe, 9 ndi 9, koma akumveka ngati mukupereka lipoti kwa akuluakulu. "Timuveka" akumveka ngati mayi amene wamanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti mubweretseni kuno mwanayo. Za mkwati wamwamuna musade nkhawa kuti tamusiya. Kumene kwapita mkwatibwi n'kumene kumapita operekeza ake, ana onyamula maluwa, ngakhale nsalu ya akuchikazi, ndipo suti imatsatira pambuyo.

Chofooka cha mawuwa ndi chimodzi, ndipo ndisakubisireni. Sakunena kuti mumasoka. Munthu wachilendo akhoza kuyesa kuti mumagulitsa zosokasoka. Ndiye dzina la pamwamba likhale ndi liwu loti telala, kapena wolembayo ajambule makina osokera pambali. Chithunzi cha makina chimathandizanso amene sawerenga, ndi anzathu ochokera ku Milange odutsa pa Muloza.

Mwina mukudabwa kuti ndathawiranji liwu loti kusoka. Chinandiluma. Telala wina, dzina ndisunge, anandipatsa mawu akuti "Tisoka ndife". Papepala anali okoma zedi. Ndinalemba bwinobwino, koma chilembo cha "i" n'chowonda, ndipo dzuwa ndi mvula ya kuno kumapiri zitadya utoto, chinayamba kufufutika ndi chomwecho. Anthu a mu minibasi ankawerenga kuti "Tsoka ndife". Anyamata a kabaza anapatcha malowo kuti pa Tsoka, ndipo tangoganizani mkwatibwi wouza apongozi kuti diresi akusoketsa pa Tsoka. Ndinakakonza osalipiritsa, koma dzina lija silinachoke ndi penti. Chimodzimodzi "Bwerani tikuyezeni". Inu mukuganiza za tepi yanu ya m'khosi, wodutsa akuganiza za magazi kuchipatala. Ndipo poti muli pansi pa phiri, padzapezeka mlamu wokulangizani kuti muikemo Sapitwa, ati luso lofika pamwamba penipeni, mamita 3,002. Dzinalo pa bizinesi silachilendo, koma mu chiganizo chokopa anthu kuti alowe, ine sindingaikemo liwu limene aliyense kuno amadziwa kuti likunena kumalo kosapitidwa.

Pali mtundu wina wa mawu umene umakoka anthu kuposa onse, koma ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Tonse tikudziwa chimene anthu amadandaula nacho kwa atelala: "bwerani mawa", mawa lake osafika, nsalu ili pansi pa mulu. Ndiye mawu ngati "Tsiku tanena ndi lomwelo" amagwira mtima, chifukwa kholo ndi mkwatibwi onse ali ndi tsiku losasunthika. Koma taonani kalendala yanu. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo miyezi yomweyo ya chilimwe, anthu atakolola, ndiyo imachulukanso maukwati ndi zinkhoswe. Ntchito zanu ziwiri zimakumana pakhomo nthawi imodzi. Ngati muli ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo, wothandiza mulibe, kapena ovaloko yanu imadalira magetsi amene akhoza kuthima Lachisanu madzulo ukwati uli Loweruka, lonjezo limenelo musalipachike pakhoma. Mukaphonya kamodzi, kasitomala adzaima panja n'kukuwerengerani chikwangwani chanu mokweza. "Timuveka" akulonjeza zimene mungakwanitse tsiku lililonse.

Tsopano za thabwa lenilenilo, poti mawu abwino amafera pomwepa. Tengani tepi yanu. Ife timawerengera kuti inchi imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka bwino pa mtunda wa mamita atatu. Ngati khonde lanu lili mamita 12 kuchoka pamsewu, zilembo zikhale za mainchi 4. Chilembo chotere chimadya malo pafupifupi mainchi atatu m'mbali, kuphatikiza kampata kake. Mzere wotalikirapo wa mawu athu aja uli ndi malo 18, kuwerengera mpata wa pakati, ndiye ukufuna mainchi 54. Pa thabwa la mafiti 6, omwe ndi mainchi 72, ukukwana n'kutsala malo opumira maso uku ndi uku. Mawu anu oyamba aja ali ndi malo oposa 90. Kuti alowe pa thabwa lomwelo, wolemba adzawapanikiza mizere inayi kapena kuchepetsa zilembo mpaka owerenga akhale okhawo amene afika kale pakhomo. Muuzeni alembe zilembo zoongoka zonenepa, zakuda pa choyera kapena zoyera pa buluu wakuda, asakunyengeni ndi zopotanapotana zija zooneka ngati za pa khadi la ukwati. Dzina la shopu likhale lalikulu kuposa mawuwa, nambala ya foni pansi. Ndipo mumulembere nokha papepala, mukaone ali pa choko asanathire utoto, chifukwa "mkwatibwi" ndi liwu limene alembi anzanga ena amalimeza "w" mmodzi.

Musanalipire aliyense, yesani mawuwa mwaulere. M'mawa uzani anthu asanu osiyana, monga wa kabaza amene amakunyamulani, mayi wogulitsa nthochi kapena nanazi pafupi nanu, mwana wa sukulu wodzatenga malaya ake. Nenani kamodzi kokha, musafotokoze. Madzulo kapena mawa lake afunseni kuti paja ndinati chiyani. Akabweza momwemo atatu kapena anayi, lembetsani. Akamabweza mosintha koma onse mofanana, mvetserani bwino, chifukwa kawirikawiri pakamwa pa anthu pamasalaza mawu kuposa cholembera changa, ndipo mungatenge awowo. Akaseka, funsani chimene chawaseketsa, mwina muli kanthu kobisika ngati tsoka langa lija. Anzanu a kutchalitchi ndi abale musawawerengere, amenewo adzati zili bwino pofuna kukusangalatsani.

Mukawakhazikitsa musamasinthesinthe. Omwewo pachikwangwani, omwewo pa risiti, omwewo pansi pa chithunzi chilichonse cha diresi chimene mwaika pa WhatsApp. Ukwati umene mwasokera mukapita kukafupa, mupatseni wolengeza kapepala kuti akamatchula amene anasoka zovala anene ndi mawuwo. Ndi mzere umene munthu wogwira maikolofoni akhoza kuuponya theka, anthu n'kumalizitsa okha.

Dzina la shopu simunatiuze. Lilembeni pansipa ndiligogode pamodzi ndi mawuwa, chifukwa ngati muli kale liwu loti sukulu kapena ukwati m'dzinamo, tidzafunika kusintha mzere umodzi.