Dzina la pa Facebook likukana kusinthika

"Abale thandizeni, masabata awiri apitawo ndinachotsa dzina langa pa Facebook nkuika la bizinesi yanga ya zinanazi kuno ku Mulanje, pano anzanga sakundipeza, ndikafuna kubwezera lakale ikukana. Foni yaonongeka kapena?"

Asisi foni yanu ilibe vuto, ndi lamulo la Facebook limenelo, ukasintha dzina umayenera kudikira masiku 60 kuti usinthenso, ndipo amakuchenjeza ndithu usanadine Save koma ambirife timangodina osawerenga. Inuyo mwatha masiku 14, ndiye atsala 46, olo mutalowa pa foni ya munthu wina nkhani ndi yomweyo poti masikuwo amawerengedwa pa akaunti osati pa foni.

Mng'ono wanga wa ku Luchenza zinamuchitikira zomwezi, anaika dzina la saluni yake pa 3 Malichi, tsiku lomasuka linali pa 2 Meyi, koma lisanafike nkomwe akaunti inaima, akuti atsimikize kuti iyeyo ndi ndani. Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi poopsa kuposa kudikirako. Facebook imafuna dzina lomwe anthu amakuitanirani tsiku ndi tsiku, ndiye dzina likakhala la malonda, kapena muli manambala, tizizindikiro, zilembo zikuluzikulu zosakaniza mwachisawawa, kaya maudindo ngati Pastor kapena Dr, likhoza kukanidwa pompo kapena akaunti nkuunikidwa, makamaka wina akakunenezani kuti dzinalo ndi labodza. Mng'ono wangayo anajambula chiphaso chake cha unzika panja powala bwino, ngodya zonse zinayi zikuoneka, poti chithunzi choyamba anajambulira mnyumba madzulo chinali mbuu ndipo chinabwezedwa. Chinamupulumutsa nchoti tsiku lobadwa la pa akaunti linali lenileni, lofanana ndi la pa chiphaso. Lanulo kalioneni lero lomwe.

Podikirapo kaonjezereni dzina lanu lenileni pa gawo la Other names pa mbiri yanu, mudinenso Show at top of profile, limaoneka pambali pa dzina lalikulu ndipo ili siliyendera masiku 60 aja, anzanu akuzindikirani. Tsiku likakwana mupite Settings, kenako Accounts Centre, Profiles, Name, mulembe monga zilili pa chiphaso ndipo muwerenge kawiri, mukaphonya chilembo chimodzi ndi miyezi ina iwiri.

Zinanazizo zitsegulireni Page yakeyake, ndi yaulele, dzina la malonda kwawo ndi kumeneko. Ndipo chonde chonde, wina akabwera ku inibokosi kuti mtumizireni ya bando ndi pasiwedi akusinthireni lero lomwe, musampatse, masikuwo sangawafupikitse, akufuna akauntiyo kuti azipemphera ndalama abale anu m'dzina lanu.