Manotsi olembera mnzako ndi mmene amaululira pamene sunamvetse

"Achimwene, ndili Fomu 4 kuno ku Ndirande. Manotsi a Bayoloje ndimawawerenga mpaka kuwaloweza, koma funso likangobwera mwa mtundu wina pa mayeso, mutu umaima. Aphunzitsi akuti tizilemba manotsi athuathu ngati tikufotokozera mnzathu. Zimenezi zimachitika bwanji? Nanga si kutaya nthawi poti MSCE yayandikira?"

Mng'ono wanga, aphunzitsi akowo akunena zoona, koma umvetse kaye cholinga chake. Pepala limene ulembe si lokasunga kuti lidzakongoletse kope. Ntchito yake ndi kukusonyeza malo enieni amene cholembera chikukakamira, chifukwa pamenepo ndi pamene woyesa mayeso adzakugwirire. Ukamawerenga manotsi okopera pa bolodi, mawu onse amaoneka odziwika, ndipo mtima umakunamiza kuti wamvetsa. Mu 2002 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Yale ku Amereka, Leonid Rozenblit ndi Frank Keil, anafunsa anthu kuti adzipatse malikisi pa mmene amadziwira kagwiridwe ntchito ka zinthu wamba monga zipi. Atawauza kuti alembe tsatanetsatane wa mmene chinthucho chimagwirira ntchito, anthu aja anadzitsitsa okha malikisi. Kulembako ndi kumene kunawatsegula maso.

Tiye titenge osimosisi, poti wanena za Bayoloje. Usatenge mutu wonse wa kayendedwe ka madzi mu zomera, ndi waukulu kwambiri. Tenga funso limodzi: n'chifukwa chiyani kachidutswa ka mbatatesi kamafota kakaikidwa m'madzi a mchere? Tseka buku ndi kope, uike patali. Ganizira mwana wa Fomu 1 amene umamudziwa, wochenjera ndithu koma amene sanaphunzirepo mutuwu, ndipo umulembere m'Chichewa kwa mphindi 10 kapena 15. Ndikuumirira Chichewa pa chifukwa chimodzi: m'Chingerezi ukhoza kungolavula chiganizo cha m'buku osachimva, koma kuti uchinene m'chilankhulo chako uyenera kudziwa chimene chikutanthauza.

Ophunzira ambiri poyamba amalemba chonchi: "Osimosisi ndi kuyenda kwa madzi kuchoka kumene kuli konsentireshoni yambiri kupita kumene kuli yochepa, kudutsa pa membuleni." Chikuoneka chabwino. Tsopano mulole mwana uja akufunse: konsentireshoni ya chiyani, ya madzi kapena ya mchere? Apa ndi pamene ambiri amaima, ndipo si nkhani yaing'ono. Ngati ukunena za madzi, chiganizocho n'cholondola. Ngati m'mutu mwako muli mchere, watembenuza zonse, chifukwa madzi amachoka kumene mchere uli wochepa n'kupita kumene uli wambiri. Munthu woloweza chiganizochi amakhoza funso lofuna tanthauzo, koma akamupatsa chithunzi cha makapu awiri n'kumufunsa kuti madzi alowera kuti, amangoombeza. Zunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, ulembe pambali funso lenilenilo, kenako upitirize. Usatsegule buku pakati pa ntchito.

Funso lachiwiri la mwana uja likhala lakuti, bwanji mcherewo osangolowa mu mbatatesi kuti mbali zonse zifanane? Ukayankha kuti "chifukwa cha membuleni", sunafotokoze kanthu, wangobisala kuseri kwa dzina. Lamulo la manotsi amenewa n'lakuti mawu aliwonse a sayansi akalowa, chiganizo chotsatira chiwamasule. Uyenera kufika ponena kuti selo iliyonse ili ndi kachikopa kopyapyala kamene kamalola madzi kudutsa mosavuta koma kamatchinga zinthu zambiri zosungunuka m'madzimo. Ndipo apa pamatuluka mpata wina umene ndimaupeza mwa ophunzira ambiri, wosokoneza kachikopako ndi khoma la selo. Khoma lili kunja, ndi lolimba, ndipo limalola madzi ndi mchere womwe kudutsa. Chosankha cholowa ndi kachikopa ka m'kati.

Ukamaliza, tsegula buku pa malo ofiira okhawo. Usayambirenso mutu wonse. Ukapeza yankho, tsekanso, ulembe kachiwiri pa pepala latsopano. Ulendo uno zingamveke motere: "M'maselo a mbatatesi muli madzi okhala ndi shuga ndi mchere pang'ono. Kunja, m'kapu, mchere ndi wambiri. Kachikopa ka selo kamalola madzi kudutsa koma mchere kamautchinga. Madzi amadutsa mbali zonse ziwiri, koma otuluka amachuluka kuposa olowa, ndiye maselo amaphwa, mbatatesi n'kufota. Ukaiika m'madzi opanda mchere, olowa ndi amene amachuluka, maselo amakhuta n'kukankha makoma awo, mbatatesi n'kulimba gwa."

Zimenezi ungazione ndi maso kunyumba. Dula tizidutswa tiwiri totalika masentimita 5, kena uike m'kapu ya madzi a pampopi, kena m'kapu imene wasungunulamo masupuni awiri aakulu a mchere. Pakatha ola limodzi ukapinde: kena kakhala kolimba, kena kolobodoka ndiponso kofupikirako.

Kufotokoza kukamveka bwino si ndiye kuti wamaliza. Uyese ngati kufotokoza kwakoko kungayankhe nkhani imene sunailembe. N'chifukwa chiyani feteleza akathiridwa wambiri patsinde penipeni pa chimanga, nthaka ili youma, mbewu imapserera? Ngati wamvetsa, uona wekha kuti fetelezayo wachita zimene unachita mchere uja: madzi a m'nthaka ali ndi zosungunuka zambiri kuposa a m'mizu, ndiye mizu ikutaya madzi m'malo momwa. Nanga mbatatesi yophika ingachite chimodzimodzi ndi yaiwisi? Ayi, chifukwa kutentha kwaononga kachikopa kaja. Nanga bwanji selo yofiira ya m'magazi imaphulika m'madzi opanda mchere pomwe ya chomera siphulika? Ya m'magaziyo ilibe khoma loigwira. Mafunso obwera "mwa mtundu wina" aja nthawi zambiri amakhala otere, ndipo ukakakamira pa limodzi, limenelonso lilowe pa mndandanda wofiira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndisakubise. Imagwira malo amene ukukayika, koma siigwira chinthu cholakwika chimene umachikhulupirira ndi mtima wonse, poti chimenecho uchilemba mosadodoma. Siingakuuzenso za mfundo imene sunaimvepo n'komwe. Ndiye pepala lachiwiri lija uliyerekeze ndi buku chiganizo ndi chiganizo, uonenso silabasi ndi mapepala a Maneb a zaka zapitazo. Ukapeza mnzako wa m'kalasi, musinthane mapepala, aliyense alembe "chifukwa chiyani?" paliponse pamene mnzake walumpha. Ukumbukirenso kuti mayeso udzalemba m'Chingerezi, ndipo ochonga amafuna mawu enieni a sayansi. Pansi pa pepalalo ulembe tanthauzo la m'Chingerezi m'mizere iwiri kapena itatu, pambuyo poti la Chichewa latheka.

Za nthawi, mutu umodzi waung'ono ngati uwu umadya pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo pang'ono, ndiye sungachite zimenezi pa silabasi yonse m'miyezi yatsalayi. Tenga mapepala ako a mayeso oyeserera, uyambe ndi mitu imene unataya malikisi pa mafunso ofuna kufotokoza chifukwa. Mayina a mafupa ndi zigawo za duwa n'zoloweza basi, usazivutikire motere. Ku Masamu, lemba chifukwa cha sitepe iliyonse pambali pa samu imodzi, kenako usove zina zisanu za mtundu womwewo buku lili chitsekere.